Mankhwala okonza kagundidwe ka mtima ndi magulu ake anayi: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandifika kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira zachipatala ndi anamwino amene timagwira nawo ntchito kuno ku Kasungu. Ambiri amabwera ataloweza magulu anayi a mankhwalawa ngati ndakatulo ya ku pulayimale, koma akapatsidwa m'manja pepala la ECG, losonyeza magetsi a mtima, sadziwa kuti gulu lililonse aliyang'ane pati. Ine ndimafuna kuti munthu akamva dzina la mankhwala aziona nthawi yomweyo gawo la magetsi a mtima limene mankhwalawo akhudza, malo amene zimenezo zionekere papepala, ndi ngozi imene ingatulukire pomwepo. Amene mukumwa mankhwalawa mukhoza kuwerenga kuti mumvetse, koma kusintha kapena kusiya mankhwala ndi nkhani yokambirana ndi amene anakulemberani.

Kodi magawo amene mumanenawa, kuyambira 0 mpaka 4, ndi magawo a chiyani?

Selo iliyonse ya mnofu wa mtima ili ndi magetsi ake. Ikakhala phee, mkati mwake mumakhala pafupifupi -90 mV poyerekeza ndi kunja. Kunjako kwachuluka sodiyamu ndi kashiamu, mkati mwachuluka potaziyamu, ndipo pakhungu la selo pali timakomo tambirimbiri, kalikonse kolola mchere wamtundu umodzi wokha. Kugunda kumodzi kwa mtima ndi kutseguka ndi kutsekeka kwa timakomoti motsatana.

Gawo 0 ndi pamene makomo a sodiyamu atseguka mwadzidzidzi. Sodiyamu amakhamukira mkati ndipo magetsi amalumpha kuchoka pa -90 kufika cha pa +20 mV m'kanthawi kochepa kwambiri. Gawo 1 ndi lalifupi: makomo a sodiyamu atsekeka, potaziyamu pang'ono watuluka. Pa gawo 2 kashiamu amalowa pang'onopang'ono uku potaziyamu akutuluka, moti magetsi amaima pamodzimodzi kwa kanthawi, ndipo kashiamu ameneyu ndi amene amachititsa kuti mnofu ufinye magazi. Gawo 3 ndi kubwerera: makomo a kashiamu atsekeka, potaziyamu akutuluka wambiri, magetsi akutsika kubwerera pa -90. Gawo 4 ndi mpumulo wodikira kugunda kotsatira.

Chinthu chimodzi musachiiwale. Kuyambira gawo 0 mpaka chakumapeto kwa gawo 3, seloyo singayakenso ngakhale muikankhe bwanji. Zili ngati tchire limene lapsa kumene. Moto ukadutsa, palupsa sipayakanso mpaka udzu utameranso. Fanizo la moto limeneli ndiligwiritsa ntchito mpaka kumapeto chifukwa mankhwala onsewa amachita chimodzi mwa ziwiri: kuchepetsa liwiro la moto, kapena kuchedwetsa kumera kwa udzu.

Nanga maselo onse a mtima amayenda chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mu mtima muli timfundo tiwiri ta maselo apadera. Kamfundo ka SA kali m'chipinda cham'mwamba chakumanja ndipo ndi kamene kamayatsa moto wa kugunda kulikonse. Kamfundo ka AV kali pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, ngati mlatho umodzi wokha umene aliyense wowoloka mtsinje ayenera kudutsapo.

Maselo a timfundoti sapuma. Gawo 4 lawo silikhala lathyathyathya, limakwera lokha pang'onopang'ono kuchoka cha pa -60 mV, ngati ndowa imene mwaitchera pampopi wodontha. Likafika cha pa -40 mV selo imayaka. Ndipo choyatsa chake si sodiyamu wothamanga uja, ndi kashiamu, amene amalowa mochedwerapo. Choncho mankhwala otseka makomo a sodiyamu amagwira kwambiri mnofu, pomwe otseka makomo a kashiamu amagwira kwambiri timfundo. Mukamvetsa chimenechi, theka la phunziroli latha.

Magulu anayiwa anachokera kuti?

Anawayala ndi Miles Vaughan Williams wa ku yunivesite ya Oxford mu 1970, ndipo gulu lachinayi linawonjezedwa patapita zaka zochepa. Gulu I limatseka makomo a sodiyamu, ndiye limakhudza gawo 0 la mnofu. Gulu II limatchinga mphamvu ya adirenalini pa mtima, ndiye limagonetsa kukwera kwa gawo 4 m'timfundo. Gulu III limatseka makomo a potaziyamu ndi kutalikitsa gawo 3. Gulu IV limatseka makomo a kashiamu, amene ndi gawo 0 la timfundo komanso gawo 2 la mnofu.

Tsopano tengani pepala la ECG. QRS ndi moto ukufalikira m'zipinda zam'munsi, ndiye gulu I limaikulitsa. PR ndi nthawi yowoloka mlatho wa AV, ndiye magulu II ndi IV amaitalikitsa. QT ndi nthawi yonse kuchokera pamene moto wayaka mpaka udzu utameranso, ndiye gulu III limaitalikitsa. Pepala likamayenda pa 25 mm pa sekondi, kabokosi kakang'ono kalikonse ndi 40 ms, amene ndi masekondi 0.04. PR yabwino ili pakati pa 120 ndi 200 ms, QRS isapitirire 120 ms.

Kutchinga magetsi a mtima kungachize bwanji mtima wothamanga?

Kugunda kosokonekera kochuluka kumabwera chifukwa moto wapeza njira yozungulira. Ganizani za chulu chili pakati pa tchire. Moto ukafika umagawikana, wina kudzera kumanja wina kumanzere, nkukakumana kuseri ndi kuzimitsana chifukwa uliwonse wapeza lupsa la unzake. Mu mtima wabwino zimatha choncho. Koma tinene kuti mbali imodzi ili ndi chipsera cha matenda akale, moto sukudutsa kupita kutsogolo. Moto wa mbali inayo uzungulira chulu, ubwerere chammbuyo kudzera mbali yodwalayo mwapang'onopang'ono, ndipo pofika pamene unayambira upeza udzu wamera kale. Uyakanso, uzungulirenso, osaleka. Mtima ukugunda ka 180 pa mphindi.

Mzere wozungulirawu mukhoza kuudula m'njira ziwiri. Mukafooketsa moto ndi gulu I, umazima pamalo odwala aja osamaliza kuzungulira. Mukachedwetsa kumera kwa udzu ndi gulu III, moto umabwerera nkupeza lupsa. Ngati mzerewo ukudutsa pa mlatho wa AV, magulu II ndi IV amaudula pamlathopo. Vuto lake ndi lakuti moto wofooka koma wosazima umazungulira bwino kuposa kale, popeza ukupatsa udzu nthawi yomera. N'chifukwa chake mankhwala omwewa akhoza kuyambitsa kusokonekera kumene anapangidwira kuletsa.

N'chifukwa chiyani gulu I lili ndi Ia, Ib ndi Ic?

Onse amatseka khomo la sodiyamu, koma amasiyana pa nthawi imene amakhala atakakamira pakhomopo.

Ib, amene chitsanzo chake ndi liginokeni, amagwira nkusiya msanga. Selo yabwino imakhala itamasuka kugunda kotsatira kusanafike, choncho QRS sisintha kwenikweni. Amakakamira kwambiri maselo a zipinda zam'munsi amene akusowa magazi, ndipo ndi kumene amathandiza. Pa zipinda zam'mwamba alibe ntchito. Liginokeni ndi yemweyu timabayira posoka bala, koma samalani: botolo losakaniza ndi adirenalini silipita mumtsempha. Akachuluka m'thupi zizindikiro zoyamba sizichokera ku mtima koma ku ubongo. Wodwala amanena kuti milomo yachita dzanzi, m'makutu mukulira, kenako amasokonezeka, mwinanso kukomoka ngati wakhunyu.

Ic, monga fulekainidi, amagwira nkuchedwa kusiya. Mtima ukamathamanga, kugunda kulikonse kumapeza makomo ambiri akadali otsekeka, ndiye QRS imakulirakulira. Mu 1989 kafukufuku wotchedwa CAST anaonetsa kuopsa kwake. Anthu amene anadwalapo matenda otsekeka mitsempha ya mtima anapatsidwa fulekainidi kapena enikainidi kuti timagundidwe tapadera tithe. Timagundidweto tinachepadi, pepala linaoneka loyera, koma omwalira anachuluka kuposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Kuyambira pamenepo Ic saperekedwa kwa munthu wa mtima wachipsera kapena wofooka.

Ia, monga kwinidini ndi purokenamayidi, ali pakati. Koma ali ndi khalidwe lachiwiri: amatsekanso makomo a potaziyamu. Choncho amakulitsa QRS komanso kutalikitsa QT.

Kwinidini ndi kwinini wa malungo pali ubale?

Ndi apachibale enieni, ochokera m'khungwa la mtengo umodzi wa sinkona, ndipo amangosiyana pang'ono kapangidwe. Nkhani yake inayamba ndi wodwala. Cha m'ma 1912 munthu wina wamalonda anauza dokotala Karel Wenckebach kuti akamwa kwinini mtima wake wosokonekera umakhazikika, ndipo anabweranso tsiku lotsatira kudzamuonetsa. Mu 1918 Walter Frey anaonetsa kuti kwinidini ndi amene ali ndi mphamvu zambiri pa mtima.

Kwa ife izi si mbiri chabe. Kwinidini mwina simudzamugwira m'manja, koma kwinini tonse timamudziwa, ngakhale kuti masiku ano malungo aakulu timayamba ndi atesuneti. Kwinini amagwira mtima ngati wa gulu Ia, mofookerapo. N'chifukwa chake sabayidwa mumtsempha mwachindunji ndi jakisoni, amayenda mu diripi kwa maola anayi.

Mumatsindika kwambiri za QT. Choopsa chake n'chiyani?

Gawo 3 likatalika mopitirira, makomo ena a kashiamu amene anali atatsekeka amapeza mpata wotsegukanso selo isanamalize kubwerera. Pamabuka kamoto kena pakati pa lupsa. Poti maselo onse sachedwa mofanana, kamotoko kamapeza ena akonzeka ena asanakonzeke, nkuyamba kuzungulira. Papepala mumaona QRS zazikulu zothamanga, zikukula nkuchepa, kukula nkuchepa, ngati chingwe chopotedwa. Dzina lake ndi tosadi, lochokera ku Chifalansa, ndipo amene anaifotokoza ndi François Dessertenne mu 1966. Nthawi zambiri imatha yokha pakapita masekondi, wodwala nkudzidzimuka, koma ikhoza kusanduka kunjenjemera kwa zipinda zam'munsi kumene kumapha.

QT imasintha ndi liwiro la mtima, ndiye timaikonza ndi njira ya Bazett:

```
QTc = QT / √RR
```

RR ndi nthawi ya pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira, ndipo ikhale m'masekondi; QTc ndi QT yokonzedwayo. QTc ikapitirira 500 ms ngozi yayandikira. Zimene zimawonjezera ngoziyo ndi potaziyamu kapena maginiziyamu wochepa, mtima wogunda mochedwa, kukhala munthu wamkazi, ndi kuphatikiza mankhwala angapo otseka khomo lomwelo la potaziyamu. Ambiri mwa iwo si a mtima n'komwe: erithiromayisini, sipurofulokisasini, fulukonazo, haloperido, kwinini.

Ndifotokoze za mayi wina wa zaka za m'ma 50 amene ndinamuona nyengo ina ya dzinja. Anali ndi mtima wofooka kwa zaka, akumwa tsiku ndi tsiku lasikisi, mankhwala okodzetsa amene amatayitsanso potaziyamu. Atadwala malungo anapatsidwa kwinini kumene anayambira, komanso erithiromayisini chifukwa cha chifuwa. Anasanza masiku atatu koma lasikisi sanasiye, poti anauzidwa kuti asamadumphitse. Mwana wawo wamkazi, amene anali atagwira chitenje chonyowa chopukutira kumaso kwa mayi ake, anandiuza kuti, "Adokotala, amayi akumangoti zii, maso kutembenuka, kenako nkudzuka ngati palibe chachitika. Lero kachitatu." Amene anawalandira poyamba analemba kuti ndi khunyu la malungo.

Ndili pambali pa bedi anakomokanso. Ndinagwira pamkono, kugunda kunalibe, kenako kunabwerera. Makina anaonetsa QRS zazikulu zothamanga, ndipo ndinaitanitsa amiyodaroni, wa gulu III, poti ndi amene dzanja limathamangira likaona zotere. Mwamwayi panatenga nthawi kuti apezeke, ndipo podikirapo ndinayala pepala la ECG pawindo nkuyamba kuwerenga timabokosi ndi nsonga ya cholembera. QT inali timabokosi 12, amene ndi 480 ms. RR inali timabokosi 20, amene ndi masekondi 0.80. Muzu wa 0.80 ndi pafupifupi 0.894, ndipo 480 kugawa ndi 0.894 ndi 537 ms. Ndinatsala pang'ono kupatsa mankhwala otalikitsa gawo 3 kwa munthu amene akufa ndi gawo 3 lotalika kale. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Tinaimitsa kwinini ndi erithiromayisini, malungo tinapitiriza ndi atesuneti. Namwino anathamangira ku wodi ya amayi oyembekezera, kumene maginiziyamu salifeti sasowa kawirikawiri chifukwa cha matenda a kukomoka kwa apakati. Tinapereka 2 g, amene ndi 4 mL ya botolo la 50%, titasungunula, mumtsempha kwa mphindi 10 mpaka 15. Maginiziyamu safupikitsa kwenikweni QT, amazimitsa timoto tapakati pa lupsa tija. Potaziyamu wa m'magazi anapezeka ali 2.7 mmol/L. Tinamubwezera mu diripi mosathamanga, osapitirira 10 mmol pa ola mumtsempha wa pamkono, cholinga chili chofika pakati pa 4.5 ndi 5. Sanakomokenso. Patapita masiku atatu QT inali timabokosi 10, RR 20, QTc 447 ms.

Ndiye amiyodaroni ndi woopsa? Paja ndi amene amatchulidwa paliponse.

Ndi mankhwala amphamvu, ndipo kwa mtima wofooka ndi mmodzi mwa ochepa amene tingawakhulupirire. Amalembedwa m'gulu III koma ali ndi khalidwe la magulu onse anayi: amatseka potaziyamu, sodiyamu, kashiamu, ndi kutchinga adirenalini. Mwina n'chifukwa chake amatalikitsa QT koma sabweretsa tosadi kawirikawiri ngati sotalolo, mnzake wa m'gulu lomwelo. Komabe pa tosadi imene yabuka kale saperekedwa. Pa mtima woima umene ukunjenjemera ndipo sunamve kuwombedwa ndi magetsi katatu, mlingo wake ndi 300 mg mumtsempha.

Mavuto ake amabwera mwakachetechete. Amakhazikika m'mafuta a thupi, moti kuti theka lake lituluke pamatenga pafupifupi miyezi iwiri. Munthu wasiya kumwa pa Khirisimasi, pofika nthawi yodya mondokwa mankhwala akadali m'thupi. Kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi ayodini, ndiye amasokoneza chithokomiro, kuchifooketsa kapena kuchithamangitsa. Amawononganso chiwindi ndi mapapo. Chimene chimandidetsa nkhawa kuno n'chakuti munthu wotsokomola mouma ndi kubanika timayamba kumuganizira TB, ndipo n'zoyenera, koma wina afunse ngati akumwa amiyodaroni. Amakwezanso m'magazi digokisini, mankhwala ena a mtima, choncho mlingo wa digokisini umadulidwa pakati, komanso amawonjezera mphamvu ya wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Odwala athu ambiri ndi a AF, kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba kobwera ndi mavavu a mtima owonongeka. Iwowa amalandira gulu liti?

Awa ndi amene timawaona kwambiri, achinyamata ndi amayi amene zilonda zapakhosi za paubwana zinawawonongera vavu ya kumanzere. Chipinda cham'mwamba chimatambasuka, timoto timabuka paliponse, kopitirira ka 350 pa mphindi, ndipo tonse tikulimbirana mlatho wa AV. Chipinda chotambasuka chonchi n'chovuta kuchibwezera pa kagundidwe kabwino, ndiye nthawi zambiri sitilimbana ndi timoto. Timaima pamlatho nkuchepetsa owoloka, kuti kugunda kukhale kosapitirira 110 pa mphindi munthu atakhala pansi. Vavu ikakhala yopapatiza, mtima wodekha umapatsa magazi nthawi yodutsa.

Ntchito imeneyi ndi ya gulu II, monga atenololo ndi puropuranololo, kapena gulu IV, verapamilo ndi dilitiyazemu. Malire ake akuchokera m'magawo omwe aja. Gulu IV limachepetsa kashiamu wa gawo 2, ndiye limafooketsa kufinya, choncho siliyenera mtima wofooka kale. Magulu awiriwa onse amapanikiza mlatho umodzi, ndiye kubaya verapamilo munthu amene akumwa atenololo kukhoza kuutsekeratu. Puropuranololo amatseka chifuwa cha munthu wa mphumu. Ndipo nifedipini ndi amulodipini, ngakhale amatseka kashiamu, amagwira mitsempha osati timfundo, choncho sali m'gulu IV. Mankhwala onsewa saletsa magazi kuundana m'chipinda chonjenjemeracho, ndiye wafarini amafunikabe.

Pali anthu ochepa obadwa ndi kanjira kachidule kolambalala mlatho, zimene zimalembedwa WPW. Kanjirako kamayendera sodiyamu ngati mnofu. Akagwidwa ndi AF, mukatseka mlatho ndi verapamilo kapena digokisini, moto wonse umathamangira kukanjirako. Mukaona kugunda kothamanga kwambiri, kosatsata ndondomeko, kwa QRS zazikulu zosiyanasiyana, musagwire mankhwala a pamlatho.

Digokisini ali m'gulu liti?

Alibe gulu, pamodzi ndi adenosini ndi maginiziyamu, ndipo uku ndi kulephera kwa kagawidweka. Digokisini amachedwetsa mlatho wa AV podzera mu mtsempha wa vegasi, umene umadekhetsa mtima, ndiye amagwira bwino munthu atakhala koma amalephera akakwera njinga. Amatsekanso pampu yotulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu, ndipo pampupo amalimbirana malo ndi potaziyamu. Potaziyamu akatsika ndi lasikisi, mlingo womwe uja umasanduka poizoni: nseru, kusafuna kudya, kuona zinthu zachikasu, kugunda kochedwa kapena kosokonekera. Impso zikafooka amaunjikananso. Adenosini amatseka mlatho kwa masekondi ochepa chabe, ndiye amabayidwa mwachangu, 6 mg, nkukankhira ndi madzi a diripi nthawi yomweyo. Wodwala muuzeni kaye kuti amva kubanika kwakanthawi.

Kumalo kopanda ECG ndi kopimira potaziyamu tingatani?

Funso ili limachokera kwa anzathu a m'zipatala zazing'ono zakutali ndi boma, ndipo ndi la chilungamo. Musayambe gulu I kapena III popanda pepala. Koma zambiri zili m'manja mwanu. Werengani kugunda kwa mphindi yathunthu, ndi chomvera pachifuwa osati pamkono pokha, chifukwa pa AF kugunda kwina sikufika kumkono. Kukakhala pansi pa 50 munthu akumwa atenololo kapena digokisini, makamaka akuchita chizungulire, mlingo wotsatira uyambe waima. Tsegulani buku lake lachipatala muone zonse zimene akumwa, mufunsenso za mapiritsi ogula kusitolo. Wa lasikisi amene akusanza kapena kutsegula m'mimba mumutenge ngati potaziyamu wake watsika. Ndipo wamkulu amene akukomoka mwadzidzidzi nkudzuka msanga ali bwinobwino, akumwa kwinini, erithiromayisini kapena haloperido, muimitse mankhwalawo, mumutumize msanga, ndipo m'kalata yotumizirayo mulembe mayina a mankhwala onse ndi tsiku limene anayamba kumwa.